Mwina, chabe, ndikuganiza kuti: kodi pempho limafookera pati?

*Akatswiri, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama. Lolemba ndinalembera abwana anga kuti: "Pepani kuti ndakuvutitsani bwana, ndimangofuna ndifunseko ngati mwina mungapezeko kampata pang'ono koonako lipoti lija. Ndikuganiza kuti mwina likufunika sabata ino, koma ngati mwatanganidwa palibe vuto." Lipotilo limayenera kusainidwa pofika Lachinayi masana. Lachisanu linakwana asanalitsegule n'komwe, ndipo mlandu unagwera ine. Mnzanga akuti ndisiyiretu mawu ngati mwina, chabe ndi ndikuganiza kuti. Koma kodi sindioneka wamwano?*

Mayi, mnzanuyo walasa ndithu, koma osati pakati penipeni. Mawu amenewa paokha alibe mlandu. Nkhani yagona pa malo amene mwawaika. Mukaika "mwina" pa chinthu chimene mukukayikadi, mwanena zoona, ndipo wowerenga mwamuthandiza. Koma mukamuika pa chinthu chimene mukuchidziwa bwinobwino, monga tsiku limene pepala liyenera kusainidwa, mwamuuza munthu zabodza mwaulemu. Iye adzakonza ntchito zake motsatira zimene mwamuuzazo, osati zimene zinali mumtima mwanu.

Tayerekezani kuti mwakhala pa mpando wa abwana anuwo. Foni ili m'manja, mauthenga ali mbwee, msonkhano ukuyamba posachedwa. Munthu wotere sawerenga uthenga kuti amve kukoma kwa chiganizo. Maso ake amasaka mayankho a mafunso ochepa: akufuna ndichite chiyani, pofika liti, nanga ndikapanda kuchita chionongeke n'chiyani? Pa funso loyamba munayankha kuti "koonako". Kuona si kusaina, ndipo kuonako ndiye kuponyako diso basi. Mawu oti "kusaina" mulibe m'uthenga wonsewo. Pa funso lachiwiri munati "mwina sabata ino", ndipo sabata imatha Lachisanu madzulo, kwa ena mpaka Lamlungu. Pa lachitatu munayankha momveka kuposa pena paliponse: palibe vuto. Ndiye taonani, chiganizo chokhacho chimene munachilemba mopanda chikayiko n'chimene chinali chabodza. Abwanawo sananyoze pempho lanu. Anachita ndendende zimene munawauza.

Sindikuwayeretsa ayi. Mkulu wa ntchito amene lipoti la ndalama limadutsa pa tebulo pake mwezi ndi mwezi amayenera kudziwa yekha tsiku lotsekera mabuku, ndipo kukankhira mlandu wonse kwa wamng'ono ndi khalidwe loipa. Koma inu simungasinthe abwana, mungasinthe uthenga, choncho tiyeni tikhale pa uthengawo.

M'ziganizo ziwiri zokha munaikamo zofewetsa zoposa khumi, ndipo zambiri si mawu oima paokha amene mnzanu uja angawaloze ndi chala. Zabisala m'kati mwa mneni. Mu "ndimangofuna" muli "-ngo-", amene akuchepetsa cholinga chanu chisanatchulidwe n'komwe. Mawu omwewo akukankhiranso kufunako m'mbuyo, ngati kuti munafuna kale ndipo pano mwina simukufunanso. "Ndifunseko", "mungapezeko" ndi "koonako" onse anyamula "-ko". Mpata mwauchepetsa kukhala "kampata", kenako mwauchepetsanso ndi "pang'ono". Ndiye pabwere "ngati", "mwina" kawiri, "ndikuganiza kuti", ndi kupepesa kumene kwatsegula uthengawo musanalakwe kanthu. Chilichonse mwa izi, chikakhala chokha, sichingaphe pempho. Koma zili ngati madzi othira mu inki: dontho limodzi silioneka, madontho khumi ndi awiri ndiye zolembazo siziwerengekanso.

Uthenga womwewo ukanatha kukhala chonchi. Dzina la lipoti, chifukwa ndi tsamba ndangoyerekeza, inu muikemo zenizeni:

"Mwadzuka bwanji bwana. Ndikupempha kuti musaine lipoti la ndalama la mwezi wa Meyi pofika Lachinayi 12 koloko masana. Akulikulu atseka mabuku Lachisanu m'mawa, ndipo lathu likapanda kufika, amene anatigulitsa katundu alipidwa mwezi wamawa. Lipotilo ndaliphatikiza pa uthenga uno, posaina ndi pa tsamba 4. Zikomo kwambiri."

Tauwerengani mokweza, mumve ngati muli mwano. Moni alipo. "Bwana" alipo. Mwawatchula mochulukitsa monga timachitira ndi wamkulu. Mwati "ndikupempha", simunalamule. Mwawapatsa chifukwa, chimene chili ulemu waukulu, pakuti mukuwatenga ngati munthu woganiza amene akamva chifukwa aona yekha kuti nkhaniyi ndi yofunika. Mwawachotsera ntchito yosakasaka lipoti ndi tsamba. Mwathokoza. Chimene chachoka ndi chifunga chokha chimene chinaphimba zinthu zitatu: chochita, chinthucho, ndi nthawi.

Apa m'pamene pali phata la yankho langa. Ulemu uli ndi malo ake mu uthenga, ndipo malowo ndi pamene mukulankhula za munthuyo: moni, dzina laulemu, kupempha, kuthokoza, kuzindikira kuti watanganidwa. Pamenepo thirani ulemu wonse umene mukufuna, sumuonongetsa kanthu. Koma pamene mukulankhula za ntchitoyo, za chimene chichitike ndi tsiku lake, musafewetsepo. Anthu ambiri amene amaopa kuoneka amwano amasokoneza malo awiriwa. Amaganiza kuti kulemekeza munthu ndiye kuchepetsa ntchito imene akumupempha, mpaka ntchitoyo imazimiririka.

Mantha anuwo si opanda maziko. Akatswiri a zilankhulo Penelope Brown ndi Stephen Levinson, m'kafukufuku wawo wa ulemu amene anatuluka mu 1978 n'kusindikizidwanso mu 1987, anafotokoza kuti pempho lililonse limaponda pang'ono pa ufulu wa wopemphedwa wochita zimene akufuna. N'chifukwa chake anthu a zilankhulo zosiyanasiyana amalikulunga. Anati kukula kwa chokulungiracho kumatengera zinthu zitatu: mphamvu zimene wopemphedwayo ali nazo pa iwe, kutalikirana kwanu, ndi kulemera kwa chimene ukupempha. Kwa inu ziwiri zoyambazo zilipo, ndiye n'zomveka kuti dzanja limathamangira kufewetsa. Koma taganizirani chachitatucho. Kusaina lipoti ndi ntchito yawo, yolembedwa, imene amalandirira malipiro. Simukupempha chifundo. Inu munakulunga pempholo ngati mukupempha kuti akubwerekeni galimoto yawo, ndipo chokulungira chachikulu chotero pa chinthu chaching'ono chimasokoneza wowerenga: amaona ngati nkhaniyo ndi yoti angachite akafuna.

Tsono mudziwa bwanji mawu oti achoke ndi oti atsale? Njira imene ndimaphunzitsa ndi funso limodzi, lofunsa pa liwu lililonse lofewetsa: munthuyu akawatenga mawuwa ndendende mmene ndawalembera, ndikhutira ndi zotsatira zake? Mwalemba kuti "ngati mwatanganidwa palibe vuto". Akatanganidwadi n'kusiya, mukhutira? Ayi. Achoke. Mwalemba kuti "mwina likufunika sabata ino". Akaganiza kuti mwinanso silikufunika, mukhutira? Ayi. Achoke. Koma tinene kuti mwalembera mnzanu kuti, "Ngati uli ndi mpata mawa undionereko kalata iyi, ukapanda kupeza nditumiza momwemo." Akapanda kupeza mpata, mukhutira? Inde, chifukwa mwakonzeka kale kutumiza. Pamenepo mawuwo ndi oona, atsale. Chiganizo chofanana, koma kwina n'choona, kwina n'chabodza.

"Mwina" ndiye amene amafuna kumusamala kwambiri, chifukwa nthawi zambiri pamakhaladi kanthu kamene mukukayika, kungoti mwamuika pa malo olakwika. Tinene kuti mwapeza kuti nambala ya pa tsamba 2 siikugwirizana ndi malisiti, koma simukudziwa ngati cholakwacho chili mu lipoti kapena m'malisitimo. Ambiri amalemba kuti, "Mwina mungaoneko nambala ya pa tsamba 2, mwina ili ndi kavuto." Apa "mwina" wagwera pa pempho, pomwe pempholo simukulikayika konse, mukufunadi kuti aione. Chikayiko chanu chili pa gwero la vutolo. Ndiye msamutseni: "Ndikupempha muone nambala ya pa tsamba 2 musanasaine. Siikugwirizana ndi malisiti. Mwina lisiti limodzi linalowetsedwa kawiri, koma sindinatsimikize." Tsopano pempho laima chilili, chimene mukuchidziwa chanenedwa mosabisa, ndipo chimene mukungoganizira chalembedwa kuti n'chongoganizira. "Mwina" sanachoke. Wangokhala pampando wake.

Ngakhale pamene ali pa malo oyenera, dziwani kuti liwu lokayikira silimveka chimodzimodzi kwa anthu onse. Sherman Kent, amene anali mkulu wa ounika nkhani zaukazitape ku America, anasimba za lipoti la mu 1951 lonena za kuthekera koti dziko la Yugoslavia liukiridwe chaka chimenecho. Lipotilo linati kuthekerako n'kwakukulu ndithu. Kent mumtima mwake ankatanthauza pafupifupi 65 pa 100. Atafunsa anzake amene anavomereza nawo mawu omwewo, anapeza kuti wina ankatanthauza 20 pa 100, wina 80 pa 100. Anthu a m'chipinda chimodzi, ogwirizana pa chiganizo chimodzi. Ngati zinali choncho kwa iwo, "mwina" wanu, amene mumtima mwanu akutanthauza kuti "ndithudi, koma ndikuopa kunena", abwana akhoza kumumva ngati "kaya, zilibe kanthu". Choncho pamene mukukayikadi ndipo nkhaniyo ndi yolemera, nenani kukula kwa chikayikocho ndi chimene chingachithetse: "Akubanki sanatsimikize tsiku. Ananena Lachitatu, koma mwezi watha anachedwa ndi tsiku limodzi. Ndiwaimbira mawa m'mawa ndipo ndikudziwitsani."

"Ndikuganiza kuti" ali ndi ntchito imodzi yabwino: kusonyeza kuti zimene zikubwerazi ndi maganizo anu, wina akhoza kuona mosiyana. "Ndikuganiza kuti tiyambe ndi ngongole zakale tisanalipire zatsopano" ndi chiganizo chabwino, chifukwa pamenepo pali posankha, ndipo mukuuza abwana kuti mwasankha mbali koma chigamulo n'chawo. Pokangana pa mfundo, mawuwa amathandizanso kuti mutsutse popanda kuoneka ngati mukuweruza. Koma tsiku lotsekera mabuku si maganizo. Linalembedwa penapake, ndipo inu munaliwerenga. Mukati "ndikuganiza kuti likufunika Lachinayi", mwasandutsa lamulo la ofesi kukhala maganizo a munthu mmodzi wamng'ono, amene wamkulu akhoza kuwanyalanyaza popanda kulakwa. Choipa china n'chakuti mukamalemba "ndikuganiza kuti" paliponse, tsiku limene mudzakhale mukungoganizadi, palibe adzasiyanitse.

Za "chabe" ndi "-ngo-" mnzanu uja akanachita bwino akanasiya kunena kuti achoke onse. Pali "-ngo-" wochepetsa ntchito, ndipo pali "-ngo-" wochepetsa munthu. "Simukuyenera kuwerenga lonse, mungosaina pa tsamba 4" ndi uthenga wothandiza, ukuuza munthu wotanganidwa kuti ntchitoyi ndi ya mphindi imodzi, bola zikhale zoona. Koma "ndimangofuna ndifunse", "ndangoti ndikukumbutseni", "ndi kafunso chabe", awa akuchepetsa inuyo ndi chifukwa chimene mwalembera. Akuti, musandiwerengere. Ndipo munthu amamvera. Palinso mtundu wachitatu umene anthu sauzindikira, umene m'malo mofewetsa umabaya. Mnzanu wavutika ola lathunthu ndi pulogalamu ya pa kompyuta, inu n'kumulembera kuti "ungodina apo basi". Kapena kwa amene wachedwa, "mungonditumizira lipotilo". Amamva kuti mukumutenga ngati wopepera, kapena kuti mwatopa naye. Ameneyo achoke, ngakhale chifukwa chake n'chosiyana.

Nanga "-ko"? Mmodzi musiyeni ngati mukumufuna. "Mundithandizeko" ndi kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, palibe amene amamva ngati mwabweza pempho. Kungoti musamuike pa mneni amene wanyamula ntchito yeniyeniyo ngati ntchitoyo iyenera kuchitika yonse. "Muwerengeko mgwirizanowu" ndi "muwerenge mgwirizanowu" akhoza kubweretsa zotsatira zosiyana: woyambayo munthu akhoza kuwerenga tsamba loyamba n'kunena ndi mtima woyera kuti wawerengako.

Kupepesa ndikunena mwachidule. Pepesani mukalakwa: mwatumiza mochedwa, mwalemba usiku, mwasintha tsiku mwadzidzidzi. Kupempha munthu kuti achite ntchito yake si kulakwa. Ngati mukufuna kusonyeza kuti mukudziwa kuti ali pa mpanipani, nenani chomwecho, "ndikudziwa kuti sabata ino yakuchulukirani", kenako pempho libwere lathunthu.

Kuunjika zofewetsa kumaonongetsanso china chimene sichioneka tsiku lomwelo. M'zaka za m'ma 1970, William O'Barr wa pa yunivesite ya Duke ndi anzake anajambula mawu a mboni m'khoti la milandu ku North Carolina kwa maola oposa 150. Pa nthawiyo anthu ankati kulankhula mokayikakayika ndi kalankhulidwe ka akazi. O'Barr ndi Bowman Atkins, m'zimene analemba mu 1980, anasonyeza kuti nkhani sinali ya mkazi kapena mwamuna kwenikweni. Amene ankalankhula motero anali anthu opanda udindo waukulu ndi osazolowera khoti, amuna omwe, pomwe akazi ophunzira ndi ozolowera, monga dokotala wopereka umboni wa ukatswiri, sankatero kwenikweni. Gulu lomwelo linayesanso kumvetsera anthu umboni umodzimodzi wojambulidwa m'njira ziwiri, wina wodzaza ndi zokayikira, wina wopanda. Omvera anakhulupirira kwambiri mboni yolankhula mosazungulira, ngakhale mfundo zinali zomwezo. Kwa munthu wowerengera ndalama izi n'zofunika, chifukwa ntchito yanu yonse yatsamira pa kukhulupiridwa. Mukamati "ndikuganiza kuti mwina" pa nambala zimene mwaziwerengetsa kawiri, pakapita miyezi anthu amayamba kukayikira nambalazo.

Kumene nkhaniyi anaiphunzira mowawa ndi m'ndege. Pa 25 Januwale 1990 ndege ya Avianca nambala 52, yochokera ku Colombia kupita ku New York, inauzidwa kuti izizungulira m'mwamba kwa nthawi yoposa ola chifukwa cha nyengo yoipa ndi kuchuluka kwa ndege. Mafuta anali kutha. Woyendetsa wamkulu anauza wachiwiri wake kuti auze oyang'anira ndege pansi kuti ali pangozi. Wachiwiriyo anauza apansiwo kuti mafuta akuwathera, ndipo m'mbuyomo anali atapemphapo kuti awatsogoze, koma liwu lenileni lolengeza ngozi, limene limachititsa oyang'anira kusiya zonse, sanalitchule. Woyang'anira atawauza njira yozungulira asanayesenso kutera n'kufunsa ngati zili bwino ndi mafuta awo, yankho linali lofewa, lokhala ngati kuvomera mokayika, ndi kuthokoza pamwamba. Injini zinazima, ndegeyo inagwa ku Cove Neck pa Long Island, ndipo anthu 73 mwa 158 anafa. Ofufuza anatchula zifukwa zingapo, ndipo chimodzi mwa zikuluzikulu chinali kulephera kwa oyendetsawo kunena momveka kuti ali pangozi ya mafuta. Lipoti lanu si ndege, palibe afe. Koma kapangidwe ka vutolo n'kamodzi: wolankhula akudziwa kuti zinthu zafika poipa, akukhulupirira kuti wanena, pomwe womvera, amene ali ndi zinthu zina makumi awiri m'mutu, wamva nkhani wamba.

Tsopano malire ake, chifukwa langizo la mnzanu lija likatsatidwa mwakhungu limabala mavuto ena. Loyamba ndi la amene amachotsa zofewetsa n'kuchotsera limodzi ulemu. "Sainani lipoti pofika Lachinayi." Palibe moni, palibe chifukwa, palibe zikomo. Uwu ndiye mwano umene mukuuopawo, ndipo wabwera chifukwa chodula pa malo olakwika. Lachiwiri ndi la amene amalowetsa mawu aukali m'malo mwa ofewa: "mwamsangamsanga", "n'zofunika kwambiri", "chonde chonde". Awa akumveka amphamvu koma ndi chifunga chomwecho, chifukwa "msanga" alibe tsiku. Kwa inu ndi lero, kwa iwo ndi sabata ino. "Lachinayi 12 koloko" ndi wofatsa kuposa "mwamsangamsanga", komanso ndi womveka kuposa. Lachitatu ndi loopsa kwa munthu wa ntchito yanu: kuchotsa "mwina" amene anali woona, n'kulemba motsimikiza kuti lisiti linalowetsedwa kawiri pomwe simunafufuze. Mukapezeka kuti munalakwitsa, mwataya chikhulupiriro chochuluka kuposa chimene mukanataya pokayika.

Ndinenenso chilungamo kuti si womvera aliyense amalandira bwino mawu olunjika, makamaka ochokera kwa mkazi kapena kwa wamng'ono. Linda Carli, katswiri wa za maganizo a anthu, anafalitsa mu 1990 zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi ophunzira a ku America. Anapeza kuti akazi olankhula mokayikira ankaonedwa ngati osadziwa kwambiri, komabe amuna ankakopeka nawo mosavuta kuposa akazi olankhula motsimikiza, pomwe akazi anzawo ankakopeka kwambiri ndi olankhula motsimikizawo. Ndi kafukufuku wakale, wa malo amodzi, musamutenge ngati lamulo. Koma akutikumbutsa kuti amene amafewetsa mawu nthawi zambiri si wopusa, anaphunzira penapake kuti kulunjika kumam'bweretsera mavuto. Abwana anu mukuwadziwa ndinu. Ngati ali a mtundu wokhumudwa msanga, onjezani ulemu pa malo ake aja: moni wautali pang'ono, kuzindikira kutanganidwa kwawo, ngakhale kusandutsa pempho kukhala funso, "Kodi mungathe kusaina pofika Lachinayi 12 koloko?" Funso lotere silinafooke, chifukwa chochita ndi nthawi zilimo, ndipo likufuna yankho la inde kapena ayi. Chimene simuyenera kugulitsa, ngakhale kwa bwana wovuta chotani, ndi tsikulo ndi zotsatira zake.

Ndipo ngati mukufunadi kuwasiyira khomo lotulukira, likhale khomo lenileni, lokhala ndi kumene likupita. M'malo mwa "ngati mwatanganidwa palibe vuto", lembani kuti, "Ngati Lachinayi silitheka, ndidziwitseni pofika Lachitatu masana kuti ndipemphe achiwiri anu asaine." Mwawapatsa ufulu wokana, koma kukanako kuli ndi nthawi yake ndipo ntchito siima. Kukhala chete sikulinso yankho.

Pa kachitidwe kake, musalimbane ndi mawuwa pamene mukulemba koyamba, mungangouma dzanja. Lembani mmene zikubwerera, ndi ma "mwina" onse. Mukamaliza, pezani chiganizo chimene chanyamula pempho, muone ngati chili ndi mneni weniweni wa chimene mukufuna, monga kusaina, kutumiza, kuvomereza kapena kusankha, osati kuona kapena kuganizira. Chikwezeni chikhale choyamba pambuyo pa moni, chifukwa pa foni anthu ambiri amangoona mizere yoyambirira. Kenako dutsani pa zofewetsa chimodzichimodzi ndi funso lija. Pa kompyuta Ctrl+F amathandiza: sakani "mwina", "chabe", "ngo", "pepani" ndi "ndikuganiza". Aliyense ali ndi mawu ake awiri kapena atatu amene amabwerezabwereza, ndipo mukatsegula mauthenga amene munatumiza mwezi watha muwapeza anu mosavuta. Polankhula pamaso musadzivutitse kwambiri, pakuti nkhope ndi mawu zimanyamula changu chimene zofewetsa zabisa, ndipo munthu akhoza kukufunsani pomwepo. Polemba m'pamene zofewetsa zimatsala zokha popanda wozitsutsa.

Mayankho amene mumalandira ndiwo angakuuzeni ngati pempho linamveka. Munthu akayankha kuti "chabwino, ndiona", kapena kufunsa kuti "mukulifuna liti?", kapena "ndiye ndichite chiyani?", dziwani kuti china mwa zitatu zija, chochita, chinthucho ndi nthawi, chinasowa kapena chinaphimbika. Pempho lomveka limabweretsa "ndasaina", kapena "Lachinayi sinditha, Lachisanu m'mawa bwanji?" Ngakhale kukana kotereku ndi phindu, chifukwa mwakudziwa nthawi ikadalipo.

Chatsala ndi uthenga wokumbutsa, umene anthu ambiri amabwerera nawo ku chizolowezi chakale, mwinanso moposa. Lachitatu lafika, abwana ali chete, ndipo dzanja likufuna kulemba kuti "ndangoti ndikukumbutseniko pang'ono za kalipoti kaja". Uthenga wotere ndi wofooka kuposa woyamba, pomwe nthawi yachepa. Wokumbutsa azikhala wamfupi, woima pawokha kuti munthu asachite kusaka wakale, ndipo anene chimene chasintha, chomwe ndi nthawi: "Mwaswera bwanji bwana. Lipoti la Meyi lija likudikirabe saini yanu pa tsamba 4, ndipo nthawi yake ndi mawa 12 koloko. Ndaliphatikizanso pano. Ngati n'kosavuta kwa inu, ndibwera nalo losindikiza mawa 8 koloko m'mawa musanalowe mu msonkhano." Pa nkhani ya sabata yathayi, imene mlandu unakugwerani kale, musalembe kalata yodziteteza. Mwezi uno ukamatha, tumizani pempho lomveka Lolemba, lokumbutsa Lachitatu, ndipo onse awiri muwasunge.